Gulu la pa Facebook ndi msika, limafuna tcheyamani

Pa Facebook pali magulu ambiri a ulimi ndi malonda amene anafa kalekale, kungoti sanaikidwe m'manda. Pamwamba pamaoneka kuti mamembala alipo zikwizikwi, koma munthu akatsikira m'munsi amapeza zithunzi za nsapato za kaunjika, wina akulonjeza ngongole ya mphindi zisanu, wina akuitanira anthu ku juga ya mpira. Mlimi amene anafunsa Lolemba chimene chikupha anapiye ake amafika Lachisanu atayankhidwa ndi munthu mmodzi, nayenso wongofuna kumugulitsa mankhwala.

Magulu oterewa anayamba ndi cholinga chabwino. Chinawapha n'chakuti eni ake ankawerenga mitu ya anthu m'malo mowerenga malonda amene achitika. Mlimi kapena mmisiri amene akufuna kuyambitsa gulu lero achite zosiyana: gulu lake likhale la katundu mmodzi, la dera limodzi loti kabaza kapena minibasi imodzi n'kufika, ndipo iye avomere kugwira ntchito ya tcheyamani wa msika, yomwe ndi yotopetsa komanso yosayamikika. Amene sangakwanitse zimenezi ndi bwino asayambe n'komwe.

Choyamba ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Chimene Facebook imachitcha Page chili ngati benchi ya munthu mmodzi. Mwini wake amayalapo katundu, odutsa amaona, ena n'kufunsa mtengo. Chimene imachitcha Group ndi msika wonse. Aliyense wolowa ali ndi pakamwa, atha kufunsa, kuyankha, kudandaula, ngakhalenso kuyala katundu wake pafupi ndi wa mwini gulu. Wofuna kungotsatsa mazira kapena madengu ake okha, popanda wina womupikisa, atsegule Page, ndipo palibe cholakwika. Koma wotsegula gulu n'kumafufuta uthenga wa aliyense wogulitsa zofanana ndi zake amatsala yekha posakhalitsa, chifukwa palibe munthu amawononga bandulo yake kuti azikaonera benchi ya mnzake tsiku ndi tsiku.

Nanga munthu wanzeru zake angaitanirenji omupikisa? Yankho lili m'mavuto amene wamalonda wamng'ono sangawathetse yekha, ndipo ulimi wa nkhuku zachikuda ndi za Mikolongwe umaonetsa bwino zimenezi.

Chitsanzo chikhale mayi wongoyerekeza wa ku Lunzu, amene amaweta nkhuku pakati pa 30 ndi 40 kuseri kwa nyumba. Mayiyu ali ndi mavuto atatu obwerezabwereza. Chitopa chimamusesera khola, makamaka nyengo yotentha mvula isanagwe. Chakudya cha nkhuku akamagula pang'onopang'ono chimamudyera phindu, ndipo thumba limodzi kulitenga ku Blantyre kapena ku Limbe mtengo wa mayendedwe umakhala wosagwirizana ndi katunduyo. Chachitatu, kasitomala wamkulu akabwera, monga wa malo odyera kapena komiti ya ukwati, amafuna nkhuku zambiri kuposa zimene iye ali nazo, ndiye oda imapita kwina. Mavuto onse atatuwa ali ndi mankhwala amodzi, omwe ndi kudziwana ndi oweta nkhuku ena khumi kapena makumi awiri a ku Lunzu komweko, ku Lirangwe, ku Matindi ndi ku Chileka. Gulu la pa Facebook ndi chida chopezera anthu amenewa ndi kuwasunga pamodzi. Mlimi wa ku Karonga, ngakhale atakhala katswiri chotani, sangagawane ndi mayiyu botolo la katemera.

N'chifukwa chake dzina la gulu liyenera kukhala ndi mawu awiri amene munthu wofufuza angalembe, dzina la katundu ndi dzina la malo. Mawu akuti nkhuku ndi Lunzu akhalemo. Dzina la bizinesi ya mwini wake, kapena mawu okometsera onena za chitukuko ndi tsogolo, sathandiza wophika pa malo odyera amene watenga foni usiku kufufuza komwe angapeze atambala 20 pofika Loweruka.

Kutsegula kwenikweniko ndi ntchito ya mphindi zochepa. Munthu amapita pa Groups, n'kusankha Create group, n'kulemba dzina. Pamene pafunika kuganiza mofatsa ndi posankha pakati pa Public ndi Private. Gulu la Public aliyense amawerenga zolembedwamo ngakhale asanalowe, ndipo limakula msanga. Gulu la Private zolembedwamo amaona ndi mamembala okha. Kwa oweta nkhuku lachiwirili ndilo loyenera, chifukwa m'gulu lotere anthu amaulula kuti ali ndi nkhuku zingati, khola lili pati, ndipo Lachinayi adzachoka pakhomo kupita kukagula chakudya. Uthenga umenewu wakuba nkhuku amaufuna kuposa wogula. Gululo likhale Private koma lisiyidwe pa Visible, kuti wofufuza azilipeza n'kupempha kulowa. Nkhani imeneyi ithe tsiku loyamba, popeza kusinthasintha anthu atalemba kale zinthu zawo kumabweretsa madandaulo. Oluka madengu, mphasa ndi mipando, amene katundu wawo amagulitsidwa ndi maso, atha kusankha Public, chifukwa phindu lawo lili poti chithunzi chifike patali.

Facebook imalola mwini gulu kufunsa mafunso mpaka atatu kwa wopempha kulowa, pa Membership questions. Awa ndiwo mlonda wa pachipata, ndipo asatayidwe pa funso loti munthuyo alonjeza kusunga malamulo kapena ayi, popeza aliyense amayankha kuti eya. Mafunso othandiza ndi akuti munthuyo amakhala mudzi kapena dera liti, amaweta kapena amagula, ndipo m'gulumo akudziwa ndani. Wosayankha asalowe. Woyankha kuti amakhala ku Lunzu koma osatha kutchula mudzi, tchalitchi kapena sitolo ya kufupi, ayambe wadikira. Akaunti yotsegulidwa dzulo, yopanda chithunzi cha munthu, ya dzina losamveka, kawirikawiri siibwera kudzagula nkhuku.

Anthu oyamba asachokere pa batani loitanira abwenzi onse. Kuitana anthu 600 nthawi imodzi kumadzaza gulu ndi achibale a ku Joni ndi anzake a kusukulu omwe nkhuku amaidziwira m'mbale. Anthu otere sayankha kanthu, ndipo gulu limene uthenga wake suyankhidwa limazimiririka pa mafoni a mamembala, chifukwa Facebook imaonetsa kwambiri zimene anthu akuzikambirana. Mayi wa ku Lunzu uja ayambe ndi anthu 20 kapena 30 amene wawaona ndi maso: oweta anzake, mavenda a nkhuku a pamsika, wogulitsa madeya kuchigayo, mmisiri wokhoma makola, eni malo odyera awiri kapena atatu. Ngati mlangizi wa ziweto wa deralo ali pa Facebook ndipo wavomera kulowa, ameneyo ndi wofunika kuposa mamembala 1,000.

Mavenda ena amaona magulu otere ngati chiwembu chowadumpha. Nkhawayi ili ndi maziko, chifukwa mlimi akadziwa mtengo wa m'tauni savomeranso mtengo uliwonse. Koma venda wa nkhuku ndalama zambiri amatayira pa njinga ndi pa kabaza, kuzungulira midzi osadziwa komwe kuli katundu, tsiku lina n'kubwerera ndi nkhuku zinayi. M'gulu labwino amadzuka akudziwa kuti ku Lirangwe kuli atambala 12 ndipo ku Matindi kuli misoti 8. Phindu pa nkhuku imodzi limachepa, koma ulendo wopanda kanthu umatha. Komanso si mlimi aliyense angadikire oda ya ukwati. Wofuna ndalama ya fizi lero adzafunabe venda wolipira pompopompo.

Gulu likatsegulidwa, ntchito yoyamba isakhale kutsatsa. Ikhale katemera wa chitopa. Katemera wa I-2 ndi wodontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Botolo limodzi limakwana nkhuku pafupifupi 300, ndipo likatsegulidwa silikhalitsa. Woweta nkhuku 25 akagula yekha, katemera wambiri amatayika, n'chifukwa chake ambiri amangosiya osagula. Mayiyu alembe m'gulu kuti Loweruka lakuti kudzakhala katemera, aliyense anene chiwerengero cha nkhuku zake pofika Lachitatu. Anthu 12 a nkhuku 25 aliyense akwanitsa botolo lonse. Mtengo wa botolo ndi wa kabaza wa woperekayo augawane potengera nkhuku za aliyense, ndipo masamu ake alembedwe poyera kuti aliyense aone. Adzakumbutsanenso kuti nkhuku zitsekeredwe usiku wake, ndiponso kuti yodwala kale sipatsidwa katemera.

Ntchito yaing'ono imeneyi imachita zimene uthenga 100 wotsatsa sungachite. Anthu 12 aja tsopano adziwana nkhope, aona khola la mnzawo, ndipo aona kuti ndalama imene inadutsa m'manja mwa mwini gulu inafika komwe imayenera kufika. Pakatha miyezi inayi adzafunsa okha za tsiku lina. Akamva kuti pa mudzi woyandikana nkhuku zagwa koma zawo zili chilili, adzaitana anzawo popanda wowatuma.

Ndalama zimabwera pambuyo pake, ndipo njira yake ndi yoyenera kuiona bwino. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza, aliyense aikepo ya pamsika wake sabata ino. Komiti ya ukwati yapeza gululi ndipo ikufuna nkhuku zachikuda 60 pa K14,000 imodzi, zoperekedwa ku Chirimba Lachisanu. Mayiyu ali ndi 18 zokha zokhwima. Popanda gulu akanakana odayo, n'kudzagulitsa 18 zakezo kwa wopikula pa K11,000 imodzi, zomwe ndi K198,000. Ndi gulu, amalemba kuti pakufunika nkhuku 42 zoonjezera, ndipo oweta anayi amadzipereka. Iye amanena poyera kuti pa nkhuku iliyonse ya mnzake adzachotsa K500 ya kusonkhanitsa ndi mayendedwe, choncho aliyense adzalandira K13,500.

Nkhuku 42 pa K500 ndi K21,000. Galimoto yonyamula ikadya K12,000, mayiyu amatsala ndi K9,000 yokha pa ntchito ya masiku awiri yoimba mafoni ndi kuthamangathamanga. Woyang'ana K9,000 imeneyi anganene kuti gulu ndi kutaya nthawi. Koma nkhuku zake 18 zapita pa K14,000, zomwe ndi K252,000, kusiyana kwa K54,000 ndi mtengo wa wopikula uja. Phindu lenileni la mwini gulu lili pa katundu wake amene walowa pa msika womwe yekha sakanaufika. Amene amafuna kulemerera pa kamtengo kochotsa pa katundu wa anzake, mwina kuwauza kuti wogula walipira K12,500 pamene walipira K14,000, adziwe kuti ukwati umakhala ndi anthu ambiri, ndipo mmodzi mwa iwo ndi msuweni wa membala wa gulu. Nkhani ikatuluka, gulu latha tsiku lomwelo.

Pa oda yotere pamabukanso vuto la kukula kwa nkhuku. Wina amabweretsa tambala wonona, wina kamsoti koonda, onse akuyembekeza K13,500. Mkangano umenewu umathetsedwa oda isanavomerezedwe, pogwirizana kulemera kochepetsetsa ndi kupima pa sikelo imodzi pamaso pa onse. Oluka nawo amakumana ndi zomwezi. Sitolo ikaitanitsa madengu 40, imafuna ofanana kukamwa ndi kutalika, choncho muyeso wa masentimita ulembedwe m'gulu pamodzi ndi chithunzi cha dengu lachitsanzo, munthu asanang'ambe nsungwi kapena mlaza.

Malamulo a gulu asachuluke. Facebook ili ndi malo ake olembapo, pa Group rules, koma malamulo khumi palibe amawawerenga. Atatu kapena anayi ndi okwanira, ndipo lalikulu ndi lakuti wogulitsa aliyense alembe mtengo, chiwerengero ndi malo, limodzi ndi chithunzi cha katundu weniweniyo chojambulidwa ndi iye mwini. Chizolowezi chobisa mtengo n'kumaitanira anthu kumbali ndicho chimaononga magulu ambiri. Mtengo ukabisika, gulu lataya ntchito yake yaikulu, yomwe ndi kudziwitsa aliyense mmene msika ulili, ndipo kumbaliko n'kumene akathyali amagwirira ntchito popanda mboni. Kuti lamuloli ligwire, mwini gulu atsegule Post approval, kuti uthenga uliwonse uziyamba wadutsa kwa iye. Apa ndiye pali utcheyamani uja. Uthenga ukakhala tsiku lonse osavomerezedwa, mwini wake amakhumudwa, ndipo nkhuku zake amakhala atagulitsa kale. Kuyang'ana kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, n'kokwanira pa gulu la anthu 200.

Pali chinthu china chimene oweta ambiri amachidziwa mochedwa. Malamulo a Marketplace saloleza kugulitsa nyama zamoyo, ziweto zomwe. Woika nkhuku kapena mbuzi kumeneko amapeza uthenga wake wachotsedwa, ndipo akabwereza kangapo akaunti yake itha kupatsidwa chilango. Choncho gulu la oweta lisakhazikitsidwe ngati la kugula ndi kugulitsa, lokhala ndi mafomu oikapo katundu ngati a Marketplace. Likhale gulu wamba la zokambirana za ulimi. Woluka mphasa kapena wosema mitondo alibe vuto limeneli.

Kubera anthu kudzera pa foni ndi mdani amene gulu lililonse la malonda limakumana naye. Njira zake n'zodziwika. Wina amaika zithunzi zokongola za anapiye a Mikolongwe pa mtengo wotsika, n'kunena kuti atsala ochepa, wofuna atumize theka pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ndalama ikapita, nambala imazima. Wina amabwera ngati wogula, n'kutumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa kampani ya foni wonena kuti ndalama yalowa, kenako n'kutuma wa kabaza kudzatenga katundu. Kapenanso amaimba akulira kuti watumiza yochuluka molakwitsa, abwezeredwe yapamwambayo. Chitetezo chake n'chosavuta: wogulitsa aone yekha ndalama zimene zili mu akaunti yake asanapereke kanthu, osakhulupirira uthenga kapena chithunzi chotumizidwa ndi wogula. Ndipo lamulo la gulu likhale lakuti munthu wachilendo salipiridwa katundu asanaoneke. Apa m'pamene kuchepa kwa dera kumapindulitsa. Wogulitsa akati ali ku Lirangwe, pali membala wa ku Lirangwe amene angapite kukasuzumira m'kholamo. M'gulu la dziko lonse zimenezi sizitheka.

Wina akadandaula kuti waberedwa kapena wagulitsidwa katundu woipa, mwini gulu asathamangire kuika chithunzi cha woganiziridwayo ndi mawu akuti wakuba. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo pa intaneti, ndipo kuzunza kapena kunyoza munthu pa makina kutha kufikitsa wolembayo kupolisi. Njira yabwino ndi kumva mbali zonse ziwiri kumbali, kuimitsa woganiziridwayo kuti asalembe kanthu m'gulu, ndipo ngati nkhani ndi ya kuba, wodandaula apite kupolisi ndi nambala ya foni komanso uthenga wa ndalama. Gulu lingouzidwa kuti membala wakuti wachotsedwa chifukwa chophwanya lamulo lakuti.

Choopsa china ndi cha oweta okha, ndipo sichikambidwa mokwanira. Gulu limene limafulumizitsa malonda a nkhuku limafulumizitsanso matenda. Munthu akaona nkhuku ziwiri zagwetsa mapiko, zikutsekula zobiriwira, ina yapinda khosi, maganizo oyamba amakhala ogulitsa zotsalazo msanga zisanafe. Kale ankayenera kuzinyamula kupita nazo kumsika. Lero amangojambula zooneka bwinozo n'kulemba mtengo wotsika, ndipo pofika madzulo chitopa chalowa m'makola atatu. Mwini gulu akaona munthu akugulitsa khola lonse mwadzidzidzi pa mtengo wogwetsa, afunse chifukwa asanavomereze uthengawo. Mamembala azikumbutsidwa kuti nkhuku yogula kumene isungidwe payokha milungu iwiri isanasakanizidwe ndi zinzake. Gulu lokhwima limafika poti membala amalemba yekha kuti kwathu kuno kwagwa chitopa, musabwere kudzagula, ndipo anzake samuseka.

Malangizo olakwika nawonso amayenda msanga. Chithunzi cha nkhuku yodwala chikaikidwa, pamabwera mayankho a makapisozi a anthu, tsabola, phulusa ndi zina zotero, aliyense akulumbira kuti kwake zinathandiza. Chitopa chilibe mankhwala ochiza, ndipo makapisozi sachipha. Mwini gulu sayenera kudziyesa dokotala wa ziweto, koma ali ndi mphamvu yoika pamwamba yankho la mlangizi ndi kuchotsa uthenga wa wogulitsa mankhwala osadziwika. Kusachotsa n'kuvomereza, ndipo nkhuku zikafa anthu amakumbukira dzina la gulu, osati la woyankhayo.

Pa mitengo pali malire oyenera kusamala. Kulemba Lolemba lililonse kuti tambala, msoti ndi thireyi ya mazira 30 zinagulidwa bwanji pa Lunzu ndi ku Limbe sabata yatha n'kothandiza, ndipo mwina ndi uthenga umene anthu angatsegulire gulu kawirikawiri. Kugwirizana kuti pasapezeke wogulitsa pansi pa mtengo wakuti, n'kumachotsa m'gulu wotsitsa, ndi nkhani ina. Malamulo a mpikisano pa malonda, amene bungwe la CFTC limayang'anira, amaletsa ogulitsa kupangana mitengo. Ngakhale popanda lamulolo, mgwirizano wotere sukhalitsa, chifukwa amene mwana wake wadwala usiku adzagulitsa pa mtengo umene wapeza.

Ena anganene kuti zonsezi WhatsApp imachita bwino, ndipo mbali ina akunena zoona. Oweta 12 a katemera aja, pa nkhani za tsiku ndi tsiku, adzamvana msanga pa WhatsApp. Koma gulu la WhatsApp munthu wachilendo sangalipeze pofufuza, wolowa mochedwa sapeza zonse zimene zinakambidwa miyezi yapitayo, ndipo nambala ya aliyense imakhala poyera. Pa Facebook, komiti ya ukwati ija imalipeza gulu yokha, ndipo funso la nthata kapena utitiri wa m'khola limene linayankhidwa chaka chatha limapezekanso polemba mawu amodzi. Ziwirizi zimagwira ntchito limodzi. Facebook ndi pobwerera alendo ndi posungira nzeru, WhatsApp ndi ya kagulu kamene kali pa ntchito imodzi sabata imeneyo.

Chodandaulitsa chachikulu n'chakuti oweta ambiri a kumudzi, makamaka amayi achikulire amene nkhuku amazidziwa kuposa wina aliyense, ali ndi mafoni a mabatani, ena alibiretu. Gulu silingathetse zimenezi, koma litha kuzichepetsa. Membala mmodzi pa mudzi atha kuyimira anzake asanu, kulemba nkhuku zawo pa tsiku la katemera ndi kuwauza mitengo. Uthenga ulembedwe m'Chichewa, mwachidule, ndi chithunzi chimodzi m'malo mwa kanema, popeza ambiri amalowa ndi Facebook Lite pa bandulo yowerengera.

Mwini gulu adzitetezenso. Gulu lonse limapachikika pa akaunti yake, ndipo akauntiyo ikabedwa, wakubayo amayamba kupempha ndalama kwa mamembala m'dzina lake. Ambiri amaberedwa potumiza nambala yachinsinsi imene yabwera pa foni kwa munthu wonamizira kuti ndi wa Facebook kapena wa bungwe lopereka thandizo kwa alimi. Nambala imeneyo sipatsidwa kwa aliyense. Atsegule Two-factor authentication, ndipo pakhale Admin wachiwiri kuti foni ikatayika gulu lisakhale lamasiye. Koma udindo wa Admin uli ndi mphamvu zonse, choncho upite kwa munthu mmodzi yekha wodalirika ngati wosunga ndalama za banki mkhonde. Ongothandiza kuvomereza uthenga apatsidwe udindo wa Moderator. Manambala a foni a makasitomala ndi oweta odalirika alembedwenso m'kope, chifukwa malo amene gulu lakhalapo ndi a eni ake, ndipo atha kusintha malamulo kapena kulitseka osafunsa.

Kope lomwelo ndilo lidzanene ngati gulu likupindulitsa. Tsamba limodzi likhale la zotuluka: bandulo ya mwezi, mayunitsi oimbira, kabaza, ndi maola amene apita. Tsamba lina likhale la zolowa: oda iliyonse imene yabwera kudzera m'gulu, kusiyana kwa mtengo wake ndi wa wopikula, ndalama yopulumutsidwa pogula chakudya pamodzi, ndi nkhuku zimene zafa poyerekeza ndi nyengo yomweyi chaka chatha. Chizindikiro china sichifuna masamu. Funso likafunsidwa, kodi limayankhidwa ndi mamembala mwini gulu asanafike? Ngati pakatha miyezi isanu ndi umodzi wolemba ndi woyankha akadali yemweyo, ndipo tsamba la zolowa lili ndi mizere iwiri, gululo lisinthidwe kukhala kagulu ka WhatsApp ka anthu 12 aja, ndipo ndalama ya bandulo ikagule madeya.